Mafelemu a madesiki 1,200: tipange tokha kapena tigule?

Ndimawerengera ndalama mafakitale ang'onoang'ono angapo ku Blantyre, ndipo nkhani iyi ndi ya fakitale imodzi yopanga mipando ndi madesiki a sukulu. Dzina lake sinditchula, ndipo manambala ndawasalaza kuti asavute kutsatira. Zinachitika mu 2024, kuyambira mwezi wa Marichi. Ndaisankha chifukwa funso lake linali limodzi koma yankho linasintha katatu m'miyezi inayi, pomwe mtengo wa chitsulo, malipiro ndi lendi sizinasinthe. Chimene chinkasintha ndi kuchuluka kwa ntchito imene owotcherera anali nayo m'manja.

Desiki ya ana awiri ili ndi matabwa, amene amapalidwa ku shedi ya akalipentala, ndi felemu yachitsulo, imene imadulidwa, kupindidwa, kuwotchereredwa ndi kupakidwa penti ku shedi ina. Ku shedi yachitsuloyi kuli amisiri anayi olembedwa pamwezi, aliyense amalandira K160,000. Tikachotsa nthawi yokonza malo, yodya ndi yodikira zipangizo, mmisiri mmodzi amagwira maola 160 pamwezi. Onse anayi ndi maola 640 pamwezi, kapena 1,920 pa miyezi itatu. Felemu imodzi ya desiki imadya ola limodzi.

Fakitale inapeza oda ya madesiki 1,200, oti aperekedwe kuyambira Epulo mpaka Juni. Sabata yomweyo kunabwera mmisiri wina wa m'tauni momwemo, amene ali ndi malo ake owotcherera, napereka kotesheni: felemu yomalizidwa, yopakidwa kale penti, K24,000. Eni fakitale anatsegula kabuku ka mitengo kamene kalaliki wawo amasunga, napeza kuti felemu yopangidwa pakhomo yalembedwa K26,000. Atandiimbira foni anali atatsimikiza kale. "Bambo, tikuwononga ndalama ndi shedi ija. Munthu uyu akutipulumutsira K2,000 pa felemu iliyonse. Pa oda yonseyi ndi K2.4 miliyoni. Mungobwera mudzaone mgwirizano tisanasaine."

Kugawa K26,000 ija

Ndinapempha kuti tiigawe kaye nambalayo. Mkati mwake munali chitsulo cha K14,000, marodi owotcherera, madisiki odulira ndi penti za K2,500, magetsi a K1,000, malipiro a ola limodzi K1,000, ndi gawo la ndalama zoyendetsera fakitale yonse, K7,500. M'gawo lomalizali munali lendi, alonda, malipiro a mu ofesi, inshuwalansi ndi kutha mphamvu kwa makina. Kabukuko sikanali kolakwa. Kanalembedwa kuti kathandize poika mtengo wogulitsira desiki, kuti pakutha pa chaka ndalama zonse zibwerere. Koma ife tinali ndi funso lina, ndipo pa mzere uliwonse ndinafunsa chinthu chimodzi chokha: tikasiya kupanga felemu imeneyi, kodi ndalama iyi isiya kutuluka m'thumba?

Tinayamba ndi K7,500. Mwini nyumba sachepetsa lendi chifukwa choti shedi imodzi yakhala chete. Alonda alondabe, kalaliki alandirabe. Makina owotcherera anagulidwa zaka zapitazo, ndalama yake inapita kale, ndipo kulemba kutha mphamvu kwake m'mabuku sikutulutsa ngakhale tambala. Tikagula mafelemu kunja, K7,500 ija sifa ayi, imangosamukira pa mipando ndi matebulo n'kuzionetsa ngati zadula. Tinaichotsa yonse.

Malipiro ndiwo anatitengera nthawi, chifukwa eni ake anakana poyamba. Anati munthu sangagwire ola lathunthu osawerengedwa mtengo. Ndinawafunsa kuti mafelemu akagulidwa kunja, amisiri anayiwo awachotsa ntchito? Anati ayi, sangataye anthu amene awaphunzitsa zaka zambiri chifukwa cha miyezi itatu, komanso pali ntchito ya mipando imene ikufuna owotcherera. Ndiye kuti K640,000 ya pamwezi ituluka ndithu, kaya amisiri akuwotcherera kaya akusewera bawo pansi pa mtengo wa mango. Ntchito ya mipando inali yoti idye maola 320 okha pa miyezi itatuyo, pa maola 1,920 olipiridwa. Maola 1,600 anali opanda ntchito. Ola loti mwalipira kale ndipo palibe china choti lichite, kuligwiritsa ntchito sikukuwonjezerani mtengo uliwonse. Malipiro tinawachotsanso. Akanakhala aganyu olipidwa pa felemu iliyonse, akanakhalabe pa mndandanda.

Pofika apa eni ake anayamba kukondwa poona nambala ikutsika, koma mzere wa chitsulo unawabweza. K14,000 inali mtengo wa mapaipi amene anagulidwa mu Okutobala 2023. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo zipangizo zochokera kunja zinakwera. Kapitawo atafunsa mumashopu, anapeza kuti mapaipi okwanira felemu imodzi tsopano ndi K17,500. Eni ake anati mapaipi ambiri ali kale m'sitolo yawo, nanga tiwerengerenji mtengo watsopano? Yankho lagona pa zimene zichitike paipiyo ikatha. Paipi yamtundu umenewu fakitale imaigwiritsa ntchito chaka chonse, pa mipando, pa mabedi, pa matebulo. Ikalowa mu felemu lero, mawa mukagula ina pa mtengo wa mawa. Choncho kuigwiritsa ntchito kukudyerani K17,500, osati ndalama imene inalembedwa pa lisiti yakale. Chikanakhala chitsulo chotsalira chopanda ntchito ina, tikanawerengera ndalama imene tingapeze pochigulitsa, ngakhale itakhala ya zitsulo zakutha.

Marodi, madisiki ndi penti zinakhala momwemo, K2,500. Magetsi nawo tinawasiya pa K1,000, titaonetsetsa poyerekeza mayunitsi a miyezi yotanganidwa ndi a miyezi yachete kuti amakweradi ndi ntchito. Kuphatikiza zitatuzi, kupanga felemu imodzi kunali K21,000.

Mbali yogula nayo inali ndi chowonjezera. Mtengo wa K24,000 unali wokatengera kwa mwini wake. Lole yonyamula, pamodzi ndi okweza ndi otsitsa, inkafika K500 pa felemu. Choncho felemu yogula, itafika pakhomo, inali K24,500. Mitengo yonseyi ndi yopanda msonkho wa VAT, chifukwa fakitale ndi wogulitsayo onse ndi olembetsedwa ndipo msonkhowo umabwezedwa. Wina akakhala wosalembetsedwa, muyenera kuunikanso, chifukwa msonkho wosabwezedwa umakhala mtengo weniweni.

Kusiyana kwake ndi K3,500 pa felemu, ndipo kunali kokomera kupanga, osati kugula. Pa mafelemu 1,200 ndi K4.2 miliyoni.

Panali chinthu chimodzi chimene ndikanachiphonya ndikanangokhala mu ofesi. Poyendera shedi, kapitawo anandionetsa kuti makina awo opindira mapaipi ndi a manja, oyenera miyendo ya mipando, ndipo pa oda yaikulu ya madesiki amabwereka makina akuluakulu pa K200,000 pamwezi. Ndalama imeneyi sisintha ndi chiwerengero cha mafelemu, ndipo m'kabuku inabisika m'gulu la zoyendetsera fakitale. Koma tikagula mafelemu onse kunja, makinawo sabwerekedwa. Ndi ndalama yokhazikika koma yopeweka, choncho ikuwerengedwa. Anthu amene angophunzira kumene njirayi amakonda kutaya chilichonse chotchedwa chokhazikika, pomwe funso si lakuti chimasintha ndi chiwerengero kapena ayi. Funso ndi lakuti chiganizo chimene mukuchita chichichotsa kapena chichisiya. Titachotsa K600,000 ya miyezi itatu, kupanga kunatsalabe patsogolo ndi K3.6 miliyoni. Mgwirizano sunasainidwe, ndipo wogulitsayo anauzidwa mwaulemu kuti tidzamufuna tsiku lina.

Oda ya mawindo

Tsiku linalo linafika patangotha sabata ziwiri. Kontilakita wina womanga nyumba zogona ana asukulu anafuna mafelemu a mawindo 300 okhala ndi zitsulo zotchingira akuba, pa K95,000 iliyonse, m'miyezi itatu yomweyo. Chitsulo, marodi, mahinji, penti ndi magetsi pa windo limodzi zinali K65,000, pa mitengo ya nthawiyo. Chotsala chake ndi K30,000 pa windo, K9 miliyoni pa oda yonse. Windo limodzi limadya maola anayi a owotcherera, ndiye ola lililonse loperekedwa ku mawindo likubweretsa K7,500.

Tsopano maola sanakwane. Mipando ikufuna 320, madesiki 1,200, mawindo 1,200. Zonse pamodzi ndi 2,720, pomwe alipo ndi 1,920. Akuperewera 800. Ndinafunsa ngati tingalembe aganyu. Kapitawo anaseka, nandionetsa kuti shediyo ili ndi makina anayi ndi mabenchi anayi, ndipo waya wobweretsa magetsi sangapirire makina achisanu. Mmisiri wachisanu akanangoima kudikira mnzake.

Apa ndi pamene ola laulere lija linapeza mtengo. Malipiro sanasinthe, akadali K640,000 pamwezi. Koma ola limene mmisiri akulithera pa felemu ya desiki ndi ola limene windo likudikira. Chimene mukutaya posankha ntchito iyi n'kusiya inayo ndiwo mtengo wa mwayi wotayika, ndipo pano unali K7,500 pa ola. Sulembedwa pa invoisi iliyonse, ndipo simudzaupeza m'mabuku a kumapeto kwa chaka. Koma ukanyalanyazidwa, ku banki kumapereweradi ndalama yomweyo.

Felemu yopangidwa pa ola lolandidwa ku mawindo inali tsopano K21,000 kuwonjezera K7,500, kukhala K28,500. Yogula ikadali K24,500. Kunena mwanjira ina, mukulipira K3,500 yapamwamba kuti mumasule ola limodzi, ndipo olalo likukubweretserani K7,500. Mwatsala ndi K4,000.

Kalaliki, mnyamata wakhama amene akuphunzira za akaunti madzulo, anandibweretsera pepala lake m'mawa mwake. Anali atalemba K29,500 pa felemu iliyonse, nachulukitsa ndi 1,200, n'kumaliza kuti tigule onse. Munali zolakwika ziwiri, ndipo zonse ndimazipeza kawirikawiri ngakhale kwa anthu a mapepala.

Choyamba, anabwezeramo K1,000 ya malipiro pamwamba pa K7,500. Koma K30,000 ya windo tinaipeza osachotsapo malipiro, chifukwa malipiro ndi okhazikika. Kuwawonjezeranso ndi kuwerenga mbuzi imodzi kawiri. Chimene chinamusokoneza ndi chakuti m'kalasi anaphunzira kuti ntchito ikachuluka, mtengo wa ola ndi malipiro kuphatikiza chotsala chotayika. Zimenezo n'zoona pokhapokha chotsalacho chitawerengedwa malipiro atachotsedwa kale. Tikanachotsa K4,000 ya maola anayi pa windo, chotsala chikanakhala K26,000, kapena K6,500 pa ola, ndipo kubwezeramo K1,000 kukanatifikitsa pa K7,500 yomweyo. Njira zonse ziwiri zimakumana. Chofunika ndi kudziwa kuti chotsala chanucho mwachipeza bwanji musanawonjezere kanthu.

Chachiwiri chinali chachikulu. Anaika mtengo wa mwayi wotayika pa mafelemu onse 1,200, pomwe maola operewera anali 800 okha. Mipando ndi mawindo zikatenga gawo lake, 320 ndi 1,200, pa maola 1,920 pamatsala 400 amene palibe akuwalimbirana. Mafelemu 400 opangidwa m'maola amenewo sakulanda windo lililonse, ndipo mtengo wake ukadali K21,000. Felemu ya nambala 401 ndiyo ikuyamba kudula K28,500. Chinthu chimodzi, shedi imodzi, koma mitengo iwiri, ndipo malire ake ali pamene maola opanda ntchito athera.

Tinaika njira zitatu patebulo, zonse poyerekeza ndi mmene zinthu zinalili mawindo asanabwere. Kukana mawindo n'kupanga mafelemu onse sikusintha kanthu, koma kukusiya K9 miliyoni panjira. Kulandira mawindo n'kugula mafelemu onse 1,200 kukubweretsa K9 miliyoni, kuchotsapo K4.2 miliyoni yapamwamba pogula, kubwezeramo K600,000 ya makina osabwerekedwa, zotsala K5.4 miliyoni. Kulandira mawindo, kugula 800 n'kupanga 400 kukubweretsa K9 miliyoni kuchotsa K2.8 miliyoni, zotsala K6.2 miliyoni, makina akubwerekedwabe monga poyamba. Njira yachitatu ikuposa yachiwiri ndi K800,000. Mukhoza kuitsimikiza mbali inayo: mafelemu 400 opulumutsa K3,500 iliyonse ndi K1.4 miliyoni, kuchotsa K600,000 ya makina, ndi K800,000 yomweyo. Ndimakonda kuyesa chotere nthawi zonse, chifukwa manambala awiriwa akapanda kukumana ndiye kuti pena pake ndawerenga kanthu kawiri kapena ndakaiwala.

Tigule chiyani poyamba?

Kapitawo, munthu wachikulire amene wakhala pa fakitaleyo kuyambira ili m'galaja, anabwera ndi ganizo lina. Wogulitsa uja anali ataperekanso mtengo wa mafelemu a mipando, ndipo kugula kunaposa kupanga ndi K2,500 yokha pa mpando. "Achimwene, bwanji osagula za mipandozi? Apa tikutaya K2,500, apo K3,500. Desiki tiisiye m'manja mwathu, ndiyo imatidziwitsa kwa anthu."

Ganizoli likumveka, koma chimene tinali kugula kwenikweni sichinali mafelemu, anali maola. Felemu ya mpando imadya theka la ola. Kuti mumasule ola limodzi muyenera kugula awiri, ndiye kuti K5,000. Pa desiki ola lomwelo mukulimasula ndi K3,500. Choncho chinthu choyamba kutumiza kunja ndi chimene ndalama yake yapamwamba, ikagawidwa ndi maola amene chikumasula, ili yochepa. Madesiki ndiwo anali oyamba. Mipando ikanabwera pambuyo, madesiki onse atatha koma maola akupereweratu, ndipo ikanakhalabe yoyenera kugula chifukwa K5,000 ili pansi pa K7,500. Komanso mipando yonse 640 inali ndi maola 320 okha, sikanatseka dzenje la 800. Kutsatira ganizo la kapitawo kukanatanthauza mipando yonse pa K1.6 miliyoni ndi madesiki 480 pa K1.68 miliyoni, pamodzi K3.28 miliyoni, kuposa K2.8 miliyoni ndi K480,000. Atamva za theka la ola anagwedeza mutu, sanafunenso pepala.

Mawu ake onena za dzina la fakitale sindinawataye. Anali ndi nkhawa yeniyeni, ndipo pambuyo pake zinaoneka kuti anali ndi chifukwa.

Panali njira ina yotsika mtengo kuposa zonsezi, ovataimu. Ola lowonjezera, pamodzi ndi chakudya chamadzulo, linkafika K1,500. Iyi ndi ndalama yotuluka chifukwa cha chiganizo, choncho ikuwerengedwa, mosiyana ndi malipiro apamwezi. Pa K1,500 ola ndi lotchipa kuposa K3,500 ya wogulitsa. Kapitawo anati amisiri angapirire maola 200 onse pamodzi pa miyezi itatu, kupitirira apo zowotcherera zimayamba kutuluka zokhotakhota. Pa pepala tikanagwiritsa maola onse 200 kupanga mafelemu ena 200, n'kupulumutsa K2,000 pa iliyonse, K400,000. Ndinalangiza kuti tisatero. Dongosolo lathu linali litadzaza kale maola onse 1,920 osasiya ngakhale limodzi, ndipo aliyense amene wagwirapo ntchito ya magetsi kuno akudziwa kuti miyezi itatu sitha popanda tsiku lothima. Kontilakita anali ataika chilango cha kuchedwa mu mgwirizano wake. Maola 200 aja tinawasunga ngati nkhokwe, tikudziwa kuti kusungako mwina kukutidyera K400,000. Eni ake anavomera atamva kuti chilango cha sabata imodzi chinali choposa pamenepo.

Nambala ya K28,500 inagwiranso ntchito ina. Wogulitsa atamva kuti tabwerera, ndiponso kuti tikufuna 800 osati 1,200, anayesa kukweza mtengo. Eni ake analowa m'zokambirana akudziwa kuti malire awo ndi K28,000 yokatengera, popeza K500 ndi ya lole, ndipo kupitirira apo phindu la maola olandidwawo latha. Ankadziwanso kuti K1,000 iliyonse yowonjezera ndi K800,000 pa oda yonse. Sanaulule malirewo, anangokumbutsa za kotesheni yoyamba imene masiku ake anali asanathe, ndipo mtengo unakhala pa K24,000. Wogulitsa anafuna theka la ndalama patsogolo, K9.6 miliyoni. Chiwongola dzanja cha ku banki chinali chokwera kwambiri nthawi imeneyo, koma sindinachiike pa mtengo wogula, chifukwa kupanga mafelemu 800 kukanafunanso K14 miliyoni ya mapaipi obwezeretsa m'sitolo, ndipo ogulitsa zitsulo sankapereka pangongole. Mbali zonse ziwiri zinali kumanga ndalama pa nthawi yofanana.

Zimene zinachitika

Ulendo woyamba kunabwera mafelemu 200. Akalipentala atayamba kumanga matabwa, anapeza kuti 30 mabowo ake a mabauti sakukumana ndi a matabwa. Wogulitsa anayeza ndi tepi felemu iliyonse payokha, pomwe kwathu mabowo amaboola pa chikombole. Cholakwa chinali chathunso, chifukwa tinamupatsa chojambula ndi desiki imodzi yachitsanzo, osamupatsa chikombolecho. Kubweza mafelemuwo kukanachedwetsa madesiki, choncho amisiri athu anatseka mabowo n'kuboolanso, theka la ola pa iliyonse, maola 15. Onani kumene vutoli linagwera: pa maola omwewo amene tinalipira ndalama kuti tiwamasule. Pakanapanda nkhokwe ya ovataimu, ola lililonse lokonza likanadya K7,500 m'malo mwa K1,500. Kapitawo anapanga chikombole chachiwiri Loweruka, nachipereka yekha, ndipo kuyambira pamenepo ankapita kukaona mafelemu khumi pa ulendo uliwonse asanakwezedwe m'lole. Maulendo otsatira analibe vuto lotere.

Pakutha pa Juni tinali titagwiritsa maola 170 a ovataimu, ambiri chifukwa cha masiku othima magetsi ndi mawindo ena amene kontilakita anasintha miyeso. Ndi K255,000. Mawindo onse 300 anaperekedwa, madesiki anachedwa masiku anayi okha ndipo sukulu sinadandaule. Pa K6.2 miliyoni imene tinayembekezera, tinapeza K5,945,000.

Lipoti la kalaliki la mwezi wa Meyi linatsala pang'ono kusokoneza zonse. Potsatira kabuku kakale, ndalama zoyendetsera fakitale zimagawidwa pa K7,500 pa ola la owotcherera, ndiye windo lililonse linasenza K30,000 ya zimenezo, kuwonjezera K4,000 ya malipiro. Lipotilo linaonetsa kuti windo likudya K99,000 n'kugulitsidwa K95,000. Eni ake anandiimbira usiku kufunsa ngati ndawalowetsa m'ntchito yoluza. Ndinawapempha kuti aone sitetimenti ya ku banki, osati kabuku, ndipo afunse ngati lendi kapena malipiro a alonda zakwera kuyambira pamene mawindo anayamba. Sizinakwere. Kugawa kwa ndalama zokhazikika kumangosonyeza amene wasenza katunduyo pa pepala, sikusintha kulemera kwake. Kungoti K7,500 yogawira ija inangofanana mwangozi ndi K7,500 ya mwayi wotayika, zimene zinawonjezera chisokonezo. Ziwirizi sizikhudzana konse. Ina ndi ndalama imene ituluka zivute zitani, inayo ndi ndalama imene ilowa pokhapokha ola likapita ku windo.

Julayi

Mawindo atatha, wogulitsa anabwera ndi pempho la mgwirizano wa chaka chonse, felemu pa K23,000. Eni ake, amene tsopano anali atazolowera kuona lole ikutsitsa mafelemu omalizidwa, anakopeka. Koma shedi inali itabwerera ku maola ambiri opanda ntchito, ndipo mwayi wotayika unabwerera pa ziro. Kupanga kunali K21,000, kugula K23,500 itafika pakhomo, kusiyana K2,500. Chotsutsana nacho chinali K200,000 ya makina obwereka pamwezi. Kugawa K200,000 ndi K2,500 kukupereka 80. Mwezi umene madesiki akufunika osafika 80, kugula n'kotchipa chifukwa makina sabwerekedwa. Mwezi umene apitirira 80 ndipo amisiri ali ndi mpata, kupanga n'kotchipa. Mwezi umene kwabwera ntchito ina yobweretsa zoposa K2,500 pa ola ndipo maola sakukwana, kugula kukubwereranso patsogolo, koma pa maola operewera okhawo.

Eni ake anafunsa ngati sikwabwino kungotseka shediyo basi. Ndinawauza kuti limenelo ndi funso lina, lofuna pepala lakelake. Mukatseka, malipiro a amisiri anayi amakhala opeweka, K7.68 miliyoni pachaka, makina angagulitsidwe, ndipo shedi ingachititsidwe lendi. Koma pamabweranso ndalama zolipira anthu ochotsedwa ntchito malinga ndi zaka zimene agwira, mipando nayo iyenera kugulidwa kunja, ntchito ngati ya mawindo simungailandirenso, ndipo wogulitsa akadziwa kuti mulibe kothawira, K23,000 sikhalitsa. Manambala a miyezi itatu sangayankhe zimenezo, chifukwa ndalama zambiri zimene tinazichotsa kuti n'zosapeweka zinali zosapeweka pa miyezi itatu yokha.

Mgwirizano wa chaka sunasainidwe. M'malo mwake anagwirizana kuti wogulitsa azipereka mtengo watsopano miyezi itatu iliyonse, chikombole chikhale kwa iye, ndipo azipatsidwa oda zing'onozing'ono za miyezi yosafika madesiki 80. Pa khoma la ofesi ya kapitawo tinapachika bolodi losonyeza maola 640 a mwezi ndi maola amene alonjezedwa kale, ndipo kalaliki amalidzaza Lolemba lililonse. Kotesheni ikabwera, amayamba wayang'ana pa bolodilo asanatsegule kabuku ka mitengo. Mu Ogasiti, masukulu akukonzekera kutsegulira, kunabwera oda ya madesiki 260, bolodi linaonetsa maola 410 opanda ntchito, ndipo mafelemu onse anapangidwa pakhomo.